Kupereka malikisi kwa wantchito pakutha pa chaka: chitsanzo cha mlangizi wa ku Tsangano

Fomu younikira ntchito ya munthu imawonongeka nthawi zambiri isanalembedwe nkomwe. Woyang'anira akakhala pansi kumapeto kwa chaka alibe pepala losonyeza zomwe anagwirizana ndi wantchitoyo pachiyambi, amangolemba zomwe akukumbukira, ndipo munthu amakumbukira za masabata angapo apitawa basi. Malikisi achilungamo amafuna zinthu zitatu zolembedwa: ntchito yomwe munagwirizana, umboni wa zomwe zachitika, ndi zomwe zinalepheretsa zosakhala m'manja mwa wantchito.

Tiyerekeze kuti bungwe lina la alimi a kachewere lili ndi mayi wina, mlangizi, amene amayendera makalabu 12 m'dera la Tsangano ku Ntcheu. Chaka chawo chimayamba mu Epulo mpaka Malichi, monga chaka cha zachuma cha boma. Mu Epulo iye ndi woyang'anira wake anasainirana zinthu zitatu. Ayendere kalabu iliyonse kamodzi pamwezi, kutanthauza maulendo 144 pachaka. Akhazikitse minda yachitsanzo inayi. Lipoti la mwezi lizifika ku ofesi pofika pa 5 mwezi wotsatira. Anagwirizananso kulemera kwa chilichonse: maulendo 50 pa 100, minda 30, malipoti 20, chifukwa mlangizi wolemba malipoti okongola koma osaonekera kwa alimi sakugwira ntchito yomwe anamulembera.

Malikisi ndi kuyambira 1 mpaka 5, ndipo tanthauzo la nambala iliyonse liyenera kulembedwa tsiku lomwelo. Pa maulendo anati 3 ndi kukwaniritsa 80 pa 100 kapena kuposerapo, 2 ndi pakati pa 60 ndi 79. Apa pali poti wantchito amve bwino: 3 si chitonzo. Akutanthauza kuti wagwira ntchito yomwe amalandirira malipiro. Oyang'anira ambiri amaopa kukhumudwitsa anthu ndiye amangogawa 4 kwa aliyense, mapeto ake wakhama ndi wongoyendayenda amafanana papepala, wakhama uja n'kugwa ulesi.

Malichi wadutsa. Mabuku a alendo a m'makalabu, momwe mlembi wa kalabu amalemba tsiku ndipo mlangizi amasaina, akuonetsa maulendo 108. Pa 144, amenewo ndi 75 pa 100, ndiye wofulumira alemba 2 n'kupitirira. Koma buku la njinga yamoto likuonetsa kuti njinga inafa mu Januwale ndi Febuluwale, mayiyo analemba kalata yopempha zipangizo sabata yoyamba, ndipo ofesi ndiyo inachedwa kugula. M'miyezi iwiriyo, mvula ili pakati, misewu yafumbi ili matope, anafika kumakalabu apafupi maulendo 6 okha mwa 24. Miyezi iwiriyo ikachotsedwa, patsala maulendo 102 mwa 120, omwe ndi 85 pa 100. Malikisi oyenera ndi 3, ndipo chifukwa chake chilembedwe pafomupo kuti wowerenga ku ofesi yaikulu aone momwe nambala yapezekera.

Kuchotsera kotere kuli ndi malire. Kumachitika pokhapokha vutolo lili ndi umboni, linanenedwa panthawi yake, ndipo silinachokere kwa wantchitoyo. Njinga ikanakhala kuti inafa chifukwa ankaiyendetsa opanda oyilo, kapena anakhala chete mwezi wathunthu osauza ofesi, miyezi ija ikanawerengedwa. Ndipo lamulo lomwe lagwira pa iye ligwirenso pa mnzake wa ku Bilira kapena ku Nsipe. Kukondera kwambiri sikuoneka pa fomu imodzi, kumaoneka mukayala mafomu onse patebulo n'kupeza kuti chifukwa chomwecho chinamveka kwa wina, kwa wina ayi.

Pa minda yachitsanzo anakhazikitsa isanu m'malo mwa inayi, ndipo pali zithunzi ndi mndandanda wa alimi omwe anabwera kudzaona. Apo ndi 4. Osamuchotsera malikisi chifukwa choti munda umodzi unagwidwa ndi chiwawu, ngati anapopera mankhwala panthawi yake ndipo zinalembedwa. Mlangizi salamulira chifunga ndi mvula. Malipoti ndiye pavuta. Mwa 12, asanu ndi awiri okha anafika pa nthawi, ndipo mochedwamo muli Julayi, Ogasiti ndi Okutobala, njinga ili bwinobwino. Apo ndi 2, ngakhale mayiyo ndi wokondedwa m'makalabu. Kuchita bwino pa chinthu chimodzi kusakwirire pomwe zalephereka.

Kuwonkhetsa kwake ndi uku: 3 × 0.5 = 1.5, 4 × 0.3 = 1.2, 2 × 0.2 = 0.4, zonse pamodzi 3.1. Nkhani ya njinga ikanapanda kuonedwa, akanapeza 2.6. Pamalo pomwe amakweza malipiro kwa wofika pa 3, mayiyu akanalipira kuchedwa kwa ofesi ndi thumba lake.

M'bokosi la ndemanga lembani zochitika, osati khalidwe lomwe mukumuganizira. Mawu oti "ndi wamphwayi" sangatsimikizidwe ndipo amangoyambitsa mkangano. Lembani kuti "malipoti asanu mwa 12 anachedwa ndi masiku pakati pa 4 ndi 10." Izi zilinso ndi mbali ya malamulo. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limafuna chifukwa chomveka pochotsa munthu ntchito, komanso kuti apatsidwe mwayi wodziteteza pa zomwe akumunena. Bwana amene wakhala akulemba 4 zaka zitatu kenako n'kuchotsa munthu ati sagwira ntchito, mafomu ake omwe adzamutsutsa kukhoti loona za ntchito.

Gawo la zolinga za chaka chamawa ndi lomwe limalembedwa mongothamanga, ndi mawu ngati "awonjezere khama pa malipoti" kapena "apite kumaphunziro." Yambani mwafunsa chomwe chimachedwetsa. Mayiyu akuti amalemba manambala pamanja, n'kudikira mnzake womulowetsera pakompyuta akapita kuboma. Vuto ndi luso la Excel ndi chida, si ulesi. Cholinga chotheka chikhala chotere: mu Meyi ndi Juni akhale ndi kalaliki wa ofesi kanayi, maola awiri ulendo uliwonse, kuphunzira kudzaza fomu ya mwezi, pofika pa 30 Juni adzaze yekha, kuyambira Julayi mpaka Disembala malipoti asanu mwa asanu ndi limodzi afike pa nthawi. Pansi pake woyang'anira alembe mbali yake: laputopu yobwereka pofika pa 15 Meyi ndi mafuta a maulendo anayiwo. Laputopu ikapanda kubwera, cholingacho sichingamuweruze mayiyu.

Zolinga ziwiri kapena zitatu n'zokwanira, ndipo ziyang'ane kalendala ya ntchito. Kuika maphunziro mu Disembala, alimi ali pakalikiliki wobzala, n'kumusankhitsa pakati pa kalasi ndi makalabu. Dipuloma yomwe bungwe lilibe ndalama zake ilembedwe padera ngati chokhumba cha mwini wake.

Mpatseni wantchito fomuyo masiku atatu kapena asanu musanakumane, kuti abwere ndi mapepala ake. Pokumana ayambe ndiye kulankhula. Siginecha yake ikutanthauza kuti waona ndipo mwakambirana, osati kuti wavomereza zonse. Ngati akutsutsa, alembe m'bokosi lake, nkhani ipite kwa wamkulu wa woyang'anirayo, ndipo iye atenge kope yake. Musanabalalike lembani tsiku la mu Seputembala lodzaonanso zolinga zija, kuti ngati laputopu sinafike kapena makalabu awonjezeka kuchoka pa 12 kufika pa 16, manambala asinthidwe ndi kusainidwanso chaka chisanathe.