Bokosi la Eisenhower silinena kuti zofulumira zonse nzopanda pake

"Ndinamva kuti chofulumira sichikhala chofunika, ndiye ndizingochisiya?"

Ayi achimwene. Maganizo amenewa afala, koma ngolakwika. Njira yosanjira ntchitoyi, yotchedwa dzina la Dwight Eisenhower, pulezidenti wa Amereka kuyambira 1953 mpaka 1961, imafunsa mafunso awiri osiyana pa ntchito iliyonse. Loyamba: ikadikira mpaka mawa, kodi china chake chiwonongeka? Lachiwiri: kodi ikukhudza ndalama, thanzi kapena mapepala anu okhalira muno ku South Africa? Ntchito imodzi ikhoza kuyankha inde pawiri ponse. Mayankhowo amagawa ntchito m'mabokosi anayi: loyamba la zofulumira komanso zofunika, lachiwiri la zofunika koma zosafulumira, lachitatu la zofulumira koma zosafunika, lachinayi la zosafulumira komanso zosafunika.

Tiyerekeze ndinu telala ku Mayfair, mu mzinda wa Johannesburg. Diresi la ukwati likutengedwa 4 koloko lero. Limeneli ndi lofulumira komanso lofunika, sokani tsopano. Wina akuimba foni kuti katundu wopita ku Lilongwe afike pa basi isananyamuke. Nzofulumira ndithu, koma sizifuna manja anu, tumani mphwanu. Mavidiyo a pa gulu la WhatsApp asiyeni.

Pamene ambiri timagwa mpa pasipoti yotsala miyezi 5 kuti ithe. Siikuwa ngati foni, choncho imangokankhidwira mawa, mpaka tsiku lina idzasanduka moto. Zimandiwawa kuona anthu akhama akuvutika chonchi. Kungoilemba m'bokosi la "zofunika koma zosafulumira" sikokwanira. Ipatseni tsiku ndi ola: Lachiwiri 8 koloko, kukafunsa za kukonzanso.

Mukaona kuti bokosi loyamba ladzaza tsiku lililonse, yang'anani zomwe zilimo. Zambiri zinali m'bokosi lachiwiri mwezi watha, zopanda tsiku.