Kukhomera mapu akale pamalo pake enieni mu kompyuta

Amene anakhomerapo chikopa cha mbuzi pansi kuti chiume amadziwa kuti zikhomo zikakhala mbali imodzi yokha, mbali inayo imafinyika n'kupindika. Ntchito yotenga mapu a papepala, kuwajambula pa sikana ndi kuwagoneka pamalo pake enieni mu kompyuta imayenda chimodzimodzi. Chithunzi chochokera mu sikana sichidziwa kuti chili ku Zomba kapena ku Mzimba. Chimangodziwa timadontho take totchedwa mapikiselo, kuti aka kali pamzere wakuti, malo akuti. Ife ndi amene timauza kompyuta kuti kadontho aka padziko lenileni ndi apa, ako ndi apo. Malo amene tawafanizira choterewa ine ndimawatcha zikhomo, ndipo mu pulogalamu ya QGIS mudzawaona atalembedwa GCP.

Titenge mapu a sikelo ya 1:50,000 a ku Zomba, ngati amene dipatimenti yoyeza malo inkasindikiza zaka za m'mbuyomu. Pa sikelo imeneyi milimita imodzi papepala ndi mamita 50 pansi. Mukawajambula pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi imodzi, pikiselo iliyonse imaimira mamita 4.2. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa pulogalamu ikamadzakuuzani kuti mwaphonya ndi mapikiselo awiri, mudzadziwa kuti ikunena mamita 8 kapena 9.

Musanakhome chikhomo n'chimodzi chomwe, werengani timalemba ta m'munsi mwa pepala, tomwe anthu ambiri amatidula pojambula poganiza kuti n'topanda ntchito. Pamenepo ndi pamene analemba muyeso wa dziko umene opanga mapuwo anagwiritsa ntchito, womwe timautcha datamu. Mapu akale ambiri a kuno kwathu anayezedwa pa datamu ya Arc 1950, pomwe GPS ndi zithunzi za pa setilaiti zimayendera WGS 84. Onse awiri amagwiritsa ntchito giridi ya UTM, mizere yopingasana yowerengera malo m'mamita, chigawo chake cha 36, ndipo manambala awo amaoneka ofanana moti diso silingasiyanitse. Koma mukalemba manambala a Arc 1950 n'kuuza kompyuta kuti ndi a WGS 84, mapu onse amasunthira kumpoto ndi mamita pafupifupi 300. Munda wa munthu umagwera m'nkhalango ya boma, mjigo umapezeka kutsidya kwa mtsinje. Choncho pamene pulogalamu ikufunsa muyeso wa manambala amene mukulembawo, sankhani EPSG:20936, womwe ndi Arc 1950 chigawo 36 cha kumwera. Kusandutsa mapuwo kuti akhale a EPSG:32736, wa WGS 84, ndi ntchito ina yobwera pambuyo, ndipo kompyuta imaichita yokha bwinobwino ikauzidwa zoona poyambira.

Tsopano mu QGIS tsegulani Georeferencer, chida chokhomera mapu, lowetsani chithunzicho, ndipo funso likhale lakuti zikhomo zipite pati. Pa mapu ngati awa tili ndi mwayi, chifukwa ali ndi mizere ya giridi yotalikirana masentimita awiri, kutanthauza kilomita imodzi. Pamene mizere iwiri yapingasana ndiye chikhomo chabwino koposa: n'chakuthwa, sichisuntha, ndipo manambala ake anasindikizidwa m'mphepete. Ine ndimayamba ndi mphambano zinayi zapafupi ndi ngodya za pepala, monga izi, nambala yoyamba kukhala ya kum'mawa, yachiwiri ya kumpoto:

```
743000  8312000
767000  8312000
743000  8287000
767000  8287000
```

Kenako ndimaika china pakati pa mbali iliyonse, ndi chimodzi pakatikati pa pepala, zonse kukhala 9. Pokhoma, kuzani chithunzi mpaka mzere uoneke wonenepa ngati chingwe, n'kulasa pakati peniceni pa mphambano. Manambala a m'mphepete amakhala odulidwa: pamene palembedwa 43 mwa zilembo zazikulu pali ka 7 kakang'ono patsogolo pake, ndipo zonse zikutanthauza 743000. Ambiri amakodwa pomwepa.

Si mapu onse ali ndi giridi. Pulani yakale ya esiteti kapena ya malo a mishoni nthawi zina imakhala ndi malire, mitsinje ndi nyumba basi. Apo timafunafuna zinthu zomwe zili papepala komanso zikadalipo lero, n'kutenga manambala ake pa GPS kapena pa chithunzi cha setilaiti. Mlatho ndi wabwino. Ngodya ya tchalitchi chakale, pamene njanji yadula msewu, chipilala cha oyeza malo pamwamba pa phiri, zonsezi n'zodalirika. Chimene ndimakana ndi madzi. Gombe la nyanja ya Chilwa limayenda chaka ndi chaka, ndipo nyanjayo inaphwa mu 1995 ndi mu 2018, ndiye munthu angakhome bwanji chikhomo pamenepo? Likangala naye m'chigwa amasintha njira madzi akasefukira. Misewu imafunanso kusamala. Ina anaiwongola poika phula, komanso wojambula mapu amaunenepetsa msewu dala kuti uoneke: mzere wa theka la milimita ndi mamita 25, ndipo nyumba za m'mbali mwake amazikankhira kunja pang'ono kuti zisaphimbike.

Zikhomo zikakwana, pulogalamu imafuna kudziwa kuti chikopachi ichikoke motani. Pa Transformation type pali mayina angapo, ndipo kusiyana kwake n'kwa ufulu umene mwaipatsa kompyuta. Helmert imangosuntha chithunzi, kuchitembenuza ndi kuchikuza mofanana mbali zonse, ndipo imakwana ndi zikhomo ziwiri. Polynomial 1 imaloleza kuti m'litali mukokedwe mosiyana ndi m'lifupi, komanso kuti chithunzi chipendekeke, koma mzere wowongoka umakhalabe wowongoka. Imafuna zikhomo zitatu. Polynomial 2 imafuna 6 ndipo imayamba kukhotetsa mizere, Polynomial 3 imafuna 10. Thin Plate Spline imakoka malo aliwonse paokha kuti chikhomo chilichonse chigwere ndendende pamene mwanena.

Pa mapu osindikizidwa bwino, ojambulidwa atagona pa sikana, sankhani Polynomial 1. Chifukwa chake chili m'pepala lenilenilo. Pepala likakhalitsa m'kabati, dzinja ndi chilimwe zikusinthana, limafota mosiyana m'litali ndi m'lifupi, ndipo sikana nayo imatha kukoka mbali imodzi pang'ono. Helmert singakonze zimenezo. Koma giridi ya UTM papepala inali yowongoka kale, ndiye palibe chifukwa chopatsa kompyuta ufulu woikhotetsa. Ngati munthu anajambula mapuwo ndi foni ataimirira chambali, moti mbali yakutali ikuoneka yopapatiza, pamenepo ndi pa Projective, yomwe imafuna zikhomo zinayi.

M'munsi mwa zenera muli tebulo, ndipo mzati wake wa Residual umaonetsa kuti chikhomo chilichonse chaphonya ndi mapikiselo angati. Mzati umenewu ndi wothandiza, komanso ndi umene umasocheretsa anthu. Tiyerekeze kuti pa zikhomo zathu 9, chapakati pa mbali ya kumpoto mwalemba 756000 m'malo mwa 755000, mwalumpha mzere umodzi. Kilomita imodzi ndi mapikiselo 236. Koma tebulo silionetsa 236 pachikhomo cholakwikacho ndi ziro pa zinazo. Kompyuta imayesa kukondweretsa zikhomo zonse, ndiye imakokera chithunzi chonse kumene kuli cholakwikacho. Icho chimaonetsa pafupifupi 170, ziwiri zoyandikana nacho m'ngodya za kumpoto zimaonetsa 60 ndi kupitirira, ndipo za mzere wapakati zimaonetsa pafupifupi 26, ngakhale zonsezo munazikhoma bwino. Wosadziwa amayamba kusuntha zikhomo zosalakwa. Chofunika n'kupeza chimene chili ndi nambala yaikulu koposa, kuchotsa kachizindikiro kake kuti chisawerengedwe, n'kuona zotsalazo. Zikatsika zonse kufika pa pikiselo imodzi kapena ziwiri, mwachigwira. Konzani nambalayo, chibwezereni.

Zimandipweteka mtima ndikaona munthu atapeza manambala akuluakuluwo n'kuthawira ku Thin Plate Spline. Inde, Residual imasanduka ziro paliponse, koma cholakwika chija sichinachoke, changobisala: mapu akhwinyata pamalopo, phiri lasuntha kilomita yathunthu. Njira imeneyi imapereka ziro nthawi zonse chifukwa ndi mmene anaipangira. N'chimodzimodzi Polynomial 1 ya zikhomo zitatu zokha, kapena Polynomial 2 ya 6 zokha: palibe chikhomo chotsala chotsutsa zinzake, ndiye ziro wakeyo sakuuzani kanthu. N'chifukwa chake ndimaika zikhomo zoposa kawiri zimene njirayo ikufuna.

Sindikunena kuti njira zokhotetsazi zilibe ntchito. Mapu amene anapindidwa m'thumba zaka 30, anang'ambika m'mipindo, wina anamata ndi seloteipu, amaonetsa chizindikiro chake: zikhomo za mbali imodzi ya mpindo zonse zaphonyera kumanja, za mbali inayo kumanzere. Apo Thin Plate Spline imathandizadi, koma imafuna zikhomo zambiri, makumi angapo, pamphambano za giridi mbali zonse ziwiri za mpindo ndi m'mphepete monse mwa pepala. Kumene kulibe chikhomo, njira zokhotetsa zimapita kumene zafuna. Mukakhoma pakati pokha n'kusankha Polynomial 3, ngodya za mapu zimauluka ngati denga la malata pa mphepo.

Chithunzi chikatuluka, ntchito sinathe. Tebulo lija limangonena kuti zikhomo zanu zikugwirizana zokhazokha, silinena kuti zili pamalo oyenera padziko. Vuto la datamu lija silionekamo n'komwe: Residual ikhoza kukhala pikiselo imodzi mapu ali mamita 300 kumpoto. Ndiye sankhani malo atatu kapena anayi amene simunawagwiritse ntchito pokhoma, otalikirana, monga mlatho wa pa msewu wa ku Liwonde, mphambano ya m'tauni ndi chipilala cha paphiri. Gonekani mapu pamwamba pa chithunzi cha setilaiti, kapena pitani ndi GPS mukaime pomwepo, n'kuyeza kusiyana kwake.

Mmene aphonyera malowo ndi mmene mumadziwira matenda. Onse akaphonyera mbali imodzi ndi mtunda wofanana, bwererani ku datamu. Apakati akakhala bwino koma a m'mphepete n'kumatalikira, zikhomo zinaunjikana pakati kapena njira yokokera ndi yolakwika. Akaphonya malo amodzi okha, kawirikawiri chinthucho n'chimene chinasuntha, monga mlatho watsopano womangidwa pambali pa wakale. Ndipo onse akaphonya ndi mamita 20 kapena 25, uyu uku uyu uko, siyani pomwepo. Imeneyo ndi theka la milimita papepala, ndipo mapu a 1:50,000 sangakupatseni zoposa apo ngakhale muwajambule pa 1200 dpi. Angakuonetseni pamene nkhalango inkalekezera kapena pamene mudzi unali, koma mkangano wa malire a puloti ya mamita 30 ufunika pulani ya malowo ndi woyeza malo wovomerezeka amene akafukule mabikoni.