Malikisi a ana si a mutebulo limodzi: nayi njira yomangira databesi ya zotsatira za mayeso

Cholakwika chake n'chimodzimodzi kaya sukuluyo ili ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula. Ahedi atopa ndi mapepala, apeza mnyamata wodziwa makompyuta, ndipo iye angotenga pepala la malikisi la aphunzitsi n'kulisandutsa tebulo limodzi lalitali: dzina, fomu, masamu, chingerezi, bayoloje, agirikacha, totala, nambala yomwe mwana wakhala m'kalasi. Teremu yoyamba zonse zimayenda bwino, malipoti amatuluka okongola. Mavuto amadikira chaka chachiwiri, ndipo akamafika ndalama mwalipira kale.

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 2A yemwe mayeso a JCE sanamuyendere ndipo akubwereza, koma tsopano amuika mu 2B. M'tebulo lija mwana aliyense ali ndi mzere umodzi wokha, ndiye kalaliki asintha "2A" kukhala "2B" ndipo malikisi atsopano awalemba pamwamba pa akale. Bambo ake akabwera kudzafunsa lipoti la chaka chatha kuti apite nalo kwa omwe amamulipirira fizi, palibe choti muwapatse. Ngakhale mwana yemwe wakhoza bwinobwino, mukangosintha fomu yake kuchoka 2 kupita 3, zotsatira zake zakale zimayamba kuoneka ngati anazipeza ali Fomu 3. Chimene chafufutidwa motere palibe katswiri angachibweze. N'chifukwa chake ndimati zikonzedwe chaka chisanathe, osati mu Seputembala ana atakwera kale makalasi.

Gwero la vutoli ndi lakuti fomu si chinthu cha mwana ngati tsiku lake lobadwa. Fomu ndi ya mwana m'chaka chakutichakuti. Nomalaizeshoni, ngakhale dzina lake likuopsa, ndi kungoonetsetsa kuti mfundo iliyonse yalembedwa kamodzi, pamalo ake enieni. Pasukulu pamafunika matebulo anayi poyambira:

```
ophunzira(id, dzina, tsiku_lobadwa)
kulembetsa(id, wophunzira_id, chaka, fomu, kalasi)
maphunziro(id, dzina)
malikisi(kulembetsa_id, phunziro_id, teremu, malikisi, chifukwa)
```

Mtsikana uja amakhala ndi mzere umodzi mu `ophunzira`, koma iwiri ya Fomu 2 mu `kulembetsa`, umodzi wa chaka chilichonse, ndipo malikisi amamangiriridwa ku kulembetsako, osati ku dzina. Dzina lisakhale kiyi, chizindikiro chomwe databesi imasiyanitsira mzere wina ndi unzake. Mwana mmodzi yemweyo mphunzitsi wina amamulemba Nyathando, wina Nya Thando, ndipo m'kalasi la ana 70 mayina ofanana sasowa. M'tebulo la `malikisi` kiyi ikhale `(kulembetsa_id, phunziro_id, teremu)`, kuti munthu akafuna kulowetsa malikisi a masamu kachiwiri databesi ikane yokha.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kuchigwa cha Shire ndi mwana yemwe sanalembe mayeso. Teremu yachiwiri imagwera m'nyengo ya madzi osefukira. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, sukulu zinatsekedwa, zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ngakhale chaka wamba mtsinje ukadzaza mwana wa kutsidya sawoloka. Tinene kuti mwana amaphunzira maphunziro 8, walemba 6 n'kupeza malikisi 390. Avereji yake ndi 65. M'tebulo lalitali lija muli mabokosi awiri opanda kanthu, ndipo wopanga pulogalamu, poopa kuti kuwonkhetsa kusokonekera, amaikamo 0. Tsopano 390 yagawidwa ndi 8, avereji yatsika kufika 48.75, mwana wakhoza bwino akuoneka ngati wofooka, ndipo palibe angasiyanitse ziro wa madzi ndi ziro wa mwana yemwe analemba n'kulephera zonse. M'matebulo anayi aja malikisi amasiyidwa `NULL`, kutanthauza kuti palibe chalembedwa, ndipo mu `chifukwa` mumalembedwa kuti sanabwere, anadwala, kapena pepala linasowa. `AVG()`, yemwe amapeza avereji, sawerengera `NULL`. Ngati sukulu yagwirizana kuti wojomba dala apatsidwe ziro, limenelo ndi lamulo la ahedi ndi aphunzitsi, lilembedwe poyera, lisabisale m'bokosi.

Anyamata a makompyuta aja ali ndi yankho lawo lokonzeratu: matebulo ambiri amachedwetsa kompyuta, bola kusunga zonse pamodzi. Werengani nokha. Ana 600, maphunziro 10, materemu 3, ndi mizere 18,000 pachaka. Laputopu yakale yodalira sola, yokhala ndi pulogalamu ya databesi ya SQLite, imawonkhetsa zimenezi musanachotse chala pabatani. Totala ndi nambala ya mwana m'kalasi siziyenera kusungidwa teremu ili mkati, ziziwerengedwa nthawi iliyonse ndi `SUM()` ndi `RANK()`, yemwe alipo mu SQLite kuyambira 3.25 ndi mu MySQL kuyambira 8.0. Onani chifukwa chake. Kalaliki walemba 37 m'malo mwa 73. Mukakonza, totala ya mwanayo ikwera ndi 36 ndipo achoka pa nambala 19 kufika pa 11. Ana asanu ndi atatu omwe anali pa 11 mpaka 18 aliyense atsika ndi imodzi. Ngati manambalawo munawasunga, mizere 9 iyenera kusinthidwa chifukwa cha malikisi amodzi, ndipo mukaiwala mupeza ana awiri onse ali nambala 11 pamene matotala awo ndi osiyana. Chimenecho ndicho chizindikiro choti sisitimu yanu ikusunga zomwe imayenera kuwerengera.

Komatu pali malo amodzi pomwe dinomalaizeshoni, kutanthauza kukopera dala zinthu zomwe zili kale kwina, ndi yoyenera, ndipo okonda malamulo a m'buku amaphonya pomwepa. Lipoti likasainidwa n'kupita kwa makolo, lasanduka chikalata. Siliyenera kusintha chifukwa choti chaka chamawa sukulu yasuntha malire a magiredi, kapena mwana wina wachoka ndipo kalasi latsala ndi ana 69. Choncho tsiku lomwe ahedi avomereza zotsatira, koperani zonse m'tebulo lina:

```
lipoti(kulembetsa_id, teremu, mtundu, dzina, kalasi, avereji,
       nambala, mwa_angati, tsiku, wovomereza)
```

Magiredi a phunziro lililonse akoperedwenso chimodzimodzi. Tebulo limeneli salikhudza ndi `UPDATE`, lamulo losinthira zomwe zalembedwa kale. Cholakwika chikapezeka pambuyo, konzani mu `malikisi`, kenako tulutsani lipoti lina lomwe `mtundu` wake ndi 2, loyamba lija likhalepobe. Kholo likabwera ndi pepala lonena nambala 19 pamene kompyuta ikuti 11, mutha kulionetsa onse awiri, tsiku lake ndi amene anavomereza. Malire a magiredi nawo akhale m'tebulo lawolawo lokhala ndi chaka, makamaka Fomu 3 ndi 4 komwe sukulu zimatsanzira mapointi a MSCE a 1 mpaka 9. Zotsatira zochokera ku MANEB zisungidwe padera monga zabwerera, chifukwa kumeneko mumalandira magiredi, osati malikisi.

Musanapereke ndalama kwa aliyense wogulitsa sisitimu, mukhazikeni pansi achite zinthu zitatu inu mukuona. Aonjezere phunziro latsopano: ngati akutsegula kodi ya pulogalamuyo kapena kulemba `ALTER TABLE`, lamulo losinthira kamangidwe ka tebulo, ndiye kuti phunziro lililonse lili ndi kolamu yakeyake, ndi tebulo lalitali lija lomwe angolipaka utoto. Alowetse mwana yemwe sanalembe masamu, muone avereji yake. Kenako abwerezetse mwana mmodzi Fomu 2, ndipo asindikize lipoti lake la teremu yachitatu ya chaka chatha.