Kiyi wa galimoto yoliza ndi batani asamagone poyera

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan masiku ano, monga Toyota Vitz ndi Nissan Note, amabwera ndi kiyi wosalowetsa pabowo. Mumangogwira chogwirira cha chitseko kapena kudina kabatani kake, galimoto n'kutseguka, kenako mumadina batani injini n'kulira.

Chimachitika n'chakuti galimoto ndi kiyi zimalankhulana pa wayilesi. Mukagwira chitseko, galimoto imaitana kiyi pa mafunde ofooka a 125 kapena 134 kHz, omwe amangofika mita imodzi kapena awiri. Kiyi akamva kuitanako amayankha ndi nambala yachinsinsi pa mafunde a 315 kapena 433 MHz, amene amapita kutali ndithu. Kawirikawiri galimoto siyeza mtunda ayi. Imangoganiza kuti poti kiyi wamva kunong'ona kwake, ndiye kuti mwini wake waima pomwepo.

Mbava za ku Britain ndi ku Joni zimadyerera pamenepa. Zimabwera ziwiri usiku. Wina amaima pa galimoto ndi kachipangizo kotola kuitana kuja, mnzake amafika pakhomo kapena pawindo ndi kena kobwereza kuitanako mwamphamvu. Kiyi amene mwakoleka pamsomali kuseri kwa chitseko amamva, n'kuyankha. Zitseko zimatseguka popanda galasi kusweka, alamu osalira. Ndipo injini ikangolira siizima ngakhale kiyi atsale m'nyumba, chifukwa opanga safuna kuti galimoto izizima ili pa liwiro.

Chodzitetezera nacho ndi kachikwama kotchinga mafunde, kotchedwa ka Faraday, komwe kamasokedwa ndi nsalu yosakaniza ndi chitsulo m'kati. Kiyi akakhala mmenemo samva kuitana, choncho sayankha. Mbava ikhoza kuima pawindo mpaka tambala kulira osaphula kanthu.

Koma musakakhulupirire musanakayese. Ikani kiyi m'kati, pindani kukamwa kwake bwinobwino, muime pa galimoto n'kuyesa kutsegula chitseko monga mumachitira masiku onse. Chikatseguka, kachikwamako n'kachabe. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti kali ndi matumba awiri ndipo lotchinga ndi limodzi lokha, lansalu yonyezimira, pomwe kiyi mwamuika m'linalo. Nsaluyo imathanso pamene mumapindapinda, ndiye muziyesa mwezi ndi mwezi. Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi kiyi wapadera: munthu amasamala amene amayenda naye, winayo ali gone m'dilowa la pabalaza, pafupi ndi windo. Nayenso amafunika kachikwama kake.

Dziwaninso malire ake. Kachikwamaka sikaletsa wakuba amene waswa galasi n'kulumikiza makina ake pa soketi ya OBD, yomwe amakanika amalumikizapo makina oyezera galimoto, pansi pa chiwongolero, kuti apange kiyi watsopano. Sikathandizanso pamene wina wasokoneza mafunde kuti galimoto isakiyike mukukiya pa malo ogulitsira zinthu. Pa zimenezi, zolowerani kutsimikiza kuti zitseko zakiyikadi musanachoke, ndipo usiku muzimanga loko wachitsulo pa chiwongolero.