Kalata yofunsira ntchito: zolakwika zomwe kompyuta siziona

Ndalemba kalata yanga pa Word ndipo palibe mzere wofiira. Ndiitumize?

Dikirani kaye. Mzere wofiira umangogwira liwu lomwe mulibe m'Chingerezi. Mukaika liwu lenileni pamalo olakwika, nthawi zambiri kompyuta imangokhala chete. Ife olankhula Chichewa timapunthwa kwambiri pa zilembo za l ndi r, chifukwa kwathu kuno kuzisinthanitsa sikusokoneza tanthauzo. Wofuna ntchito yotolera ndalama akalemba "I correct payments" m'malo mwa "I collect payments", wauza abwana kuti amakonza malipiro, osati kutolera. Chimodzimodzi "Manger" m'malo mwa "Manager" pa adiresi ya olemba ntchitowo: liwulo lilipo, ndi chodyeramo ziweto, choncho Word siidandaula. Chinanso chomwe tatengera ku mauthenga a pafoni ndi kuyamba ndi "Am writing". Lembani "I am writing".

Nanga moni ndi mawu otsekera zili ndi lamulo?

Inde, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Mukayamba ndi "Dear Sir/Madam", tsekani ndi "Yours faithfully". Mukatchula dzina la munthu pa moni, tsekani ndi "Yours sincerely". Pa "Yours" sipakhala kachizindikiro pakati pa r ndi s.

Ndi cholakwika chiti chomwe chimatayitsa kalata msangamsanga?

Kutumiza kalata ya kampani ina. Mwatenga kalata yomwe munalembera banki mwezi watha, mwasintha adiresi pamwamba n'kuitumiza ku bungwe la zaulimi, koma m'ndime yachitatu mwatsala mawu oti "your bank". Galamala yolakwika ena amaikhululukira, makamaka ngati ntchitoyo si yolembalemba. Ichi chokha n'chovuta kukhululuka, chifukwa chimaonetsa kuti simunawaganizire n'komwe. Mutu wa kalata nawonso uzifanana ndendende ndi dzina la udindo lomwe lili pa chilengezo, pamodzi ndi nambala yake ngati ilipo, poti ndi zomwe osankha makalata amayang'ana poika kalata yanu pa mulu woyenera.

Ndiwerenge bwanji kuti ndizigwire zonsezi?

Musafufuze zonse nthawi imodzi. Ulendo woyamba, ikani chilengezo pambali pa kalata n'kufananitsa mayina, udindo ndi deti. Dinani `Ctrl+F`, mulembe dzina la kampani yakale ija, muone ngati latsalira penapake.

Ulendo wachiwiri, yambirani chiganizo chomaliza kukwera m'mwamba, mukuwerenga mokweza. Maso amathamangira zomwe mutu ukudziwa kale, koma mukayambira kumapeto, chiganizo chilichonse chimaima pachokha. Imani pa liwu lililonse lokhala ndi l kapena r. Nambala yanu ya foni muiwerenge imodziimodzi.

Pomaliza sungani kalatayo ngati PDF, muitsegulenso pafoni. Mukapeza kuti siginecha yagwera yokha pa tsamba lachiwiri, dulani ndime yomwe ikungobwereza za mu CV kuti zonse zikwane tsamba limodzi.