Mnzanu akangoti zii mkangano ukayamba

Bambo wina amene ndinkamupatsa uphungu anali ndi chizolowezi chimene chinatsala pang'ono kuthetsa banja lake. Mkazi wake akangokweza mawu, iye ankangoti zii, maso pansi, m'manja muli thukuta. Mayiyo ankati ndi mwano. Titakambirana mofatsa, zinadziwika kuti bamboyo ali mwana ankakwapulidwa ndi lamba, ndipo akayankha kapena kulira, zikwapu zinkawonjezeka. Kutseka pakamwa ndiko kunkamupulumutsa.

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amigidala, kamene kali ngati mlonda. Mwa mwana wokulira m'mantha, mlondayu amazolowera kukuwa msanga, ndipo sasiya munthuyo akakula. Mawu okwera kapena chitseko chomenyetsedwa n'zokwanira kuti thupi litulutse timadzi totchedwa adirenalini, mtima uthamange, kukhosi kuume. John Gottman, katswiri wofufuza za maukwati, anapeza kuti mtima ukamagunda kopitirira ka 100 pa mphindi mkangano uli mkati, munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike.

Chinandimvetsa chisoni n'chakuti mayiyo nayenso anali ndi chilonda chake. Iye sanamenyedwe, koma anakula wopanda womulabadira: akalira, palibe ankabwera. Kwa iye, munthu akakhala chete ndiye kuti wamutaya. Choncho mwamuna akati zii, mayiyo ankamutsatira mpaka kuchipinda, mawu akukwererakwerera, mwamunayo n'kumaumiratu.

Tinayambira pa thupi, chifukwa ndilo limadziwa msanga. Bamboyo anazindikira kuti nsagwada zake zimalimba asanasowe chonena. Akamva zimenezo ankati, "Mtima wanga wathamanga, ndipatseni mphindi 30, ndibwera tidzamalize." Mawu akuti "ndibwera" ndiwo ankamugwira mtima mayiyo, bola nthawi isungidwedi. Pa mphindi zimenezo ankayenda, akupuma pang'onopang'ono, mpweya wotuluka ukhale wautali kuposa wolowa. Ambiri amalakwitsa apa. Amatha nthawi yonseyo akukonza mayankho m'mutu, n'kubwerera ali okwiya kuposa poyamba. Ena sabwereranso ku nkhaniyo, ndipo kupumako kumasanduka chilango.

Zinatenga miyezi, ndipo masiku ena ankabwerera ku zakale. Ndinaona kuti zikusintha pamene chete wa masiku atatu anafupika n'kukhala wa madzulo amodzi.

Njirayi ili ndi malire. Ngati zakale zikubwera m'maloto oopsa, kapena mukumwa mowa kuti muiwale, kapena mukuganiza zodzipha, mukufunika katswiri wa matenda a maganizo. Ndipo ngati mnzanuyo amakumenyani kapena kukuopsezani lero lino, mlonda uja sakulakwitsa. Pamenepo choyamba n'kupeza chitetezo, ngakhale wochita nkhanzayo atakhala kuti nayenso anazunzidwa ali mwana.