Si zonse zimene zathiridwa zimagwira ntchito

"Phatikizani kulemera kwa zonse zimene mwathira, mwapeza kulemera kwa chotulukacho." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri, ndipo akupitirizabe kulepheretsa ophunzira kemisitili.

Taonani mmene haidirojeni ndi okosijeni zimapangira madzi: 2H₂ + O₂ → 2H₂O. Tili ndi magalamu 10 a haidirojeni ndi magalamu 32 a okosijeni. Wotsatira maganizo akale aja alemba kuti madzi ndi magalamu 42. Ayi ndithu.

Sinthani kaye magalamu akhale mamolo, muyeso wa chiwerengero cha mamolekyu. Molo imodzi ya haidirojeni imalemera magalamu 2, ya okosijeni 32, ya madzi 18, choncho haidirojeni ndi mamolo 5, okosijeni ndi molo imodzi. Molo imodzi ya okosijeni imangofuna mamolo 2 a haidirojeni, ndiye okosijeni ndi amene ayambe kutha, ngakhale kuti pa sikelo ndi wolemera kwambiri. Akatha, zonse zaima. Madzi ndi mamolo 2, kapena kuti magalamu 36, ndipo magalamu 6 a haidirojeni angotsala osagwira ntchito.

Mungadzitsimikizire nokha. Werengerani madzi kuchokera ku chilichonse pachokha: haidirojeni akupatsani magalamu 90, okosijeni 36. Yankho laling'onolo ndiye loona, pajatu 90 waposa ngakhale 42 amene munathira.

Njira yachidule imene simunaiyese motere musaipatsire mnzanu.